Mwalipira katundu, foni yayamba kulira: kuteteza nambala, pakhomo ndi ndalama zanu

Vutoli limabwera pafupifupi mwanjira imodzimodzi nthawi zonse. Mwaona nsapato, foni kapena nsalu pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp. Wogulitsa ali ku Limbe, inu muli ku Mzuzu. Mwagwirizana mtengo, mwalipira pa Airtel Money kapena pa Mpamba, mwamupatsa dzina ndi nambala kuti alembe pa katoni. Katundu asanafike, meseji yalowa kuchokera pa nambala yomwe simukuidziwa: “Katundu wanu wafika koma wagwidwa, tumizani K8,500 pa nambala iyi kuti atuluke lero.” Mwina si meseji, ndi foni ya bambo wolankhula mwaulemu ngati wa mu ofesi.

Tsiku lina lililonse meseji yotere mukanaiseka n'kuifufuta. Lero ikukukhudzani chifukwa mukudikiradi katundu. Mphamvu yonse ya akathyaliwa yagona pamenepa, pa masiku awiri kapena atatu a pakati pa kulipira ndi kulandira, pamene mtima uli m'mwamba ndipo nambala yachilendo ikaimba mumayankha msanga poganiza kuti ndi a koriya. Choncho pali ntchito ziwiri: kuchepetsa zomwe anthu osawadziwa angadziwe za inu ndi za katundu wanuyo, komanso kumanga nkhani yonse ya malipiro musanatumize ndalama, kuti chilichonse chobwera pambuyo pake chionekere patali kuti ndi chachilendo.

“Nanga nambala yanga anaitenga kuti?”

Yambani mwaiwerenganso mesejiyo modekha. Ngati sikutchula katundu amene mwagula, sikutchula wogulitsa, ingonena kuti “katundu wanu” kapena “ndalama ija mutumize pa nambala iyi, dzina lituluka lakuti”, n'kutheka kuti palibe wakuululani. Mameseji amenewa amamwazidwa ku manambala ambirimbiri motsatana, ndipo pa anthu ochuluka chonchowo sipalephera wina amene akudikiradi katoni kapena amene ali ndi ngongole ya mwini nyumba. Zangokumanizana.

Ena amati, “Komatu ananditchula dzina langa lonse.” Dzina si umboni. Munthu amene ali ndi nambala yanu akhoza kuyamba ngati akufuna kukutumizirani ndalama, dzina lomwe munalembetsera laini n'kutuluka pa foni yake kuti atsimikize, iye n'kulekera pomwepo osatumiza kanthu. Kuchokera mu 2018 laini iliyonse m'Malawi muno imalembetsedwa ndi chiphaso, ndiye dzina lotulukalo limakhala lenileni. Akasunganso nambalayo m'foni mwake, WhatsApp imamuonetsa chithunzi chanu ngati simunachibise. Pa mphindi ziwiri wadziwa dzina, nkhope, mwinanso ndi ana anu.

Koma ngati wakutchulirani kuti munagula nsapato zakuda saizi 42 ndipo zikuchokera ku Limbe, pamenepo nkhani yatulukadi penapake. Malo otulukira ndi odziwika. Ambiri timalemba tokha pansi pa chithunzi cha malonda kuti “ndikufuna ziwiri, nambala yanga ndi iyi, ndili ku Chibavi”, ndipo aliyense wodutsa amawerenga. M'gulu la WhatsApp la malonda, mamembala amaona manambala a anzawo, ndipo wolemba kuti “ndatumiza, mwalandira?” wadziulula yekha kuti ali pa mzere wodikira. Pali ogulitsa amene, pofuna kuonetsa kuti bizinesi ikuyenda, amajambula makatoni kapena malisiti a koriya n'kuika pa sitetasi kuti “katundu wa lero wanyamuka”, mayina ndi manambala a makasitomala zikuoneka bwinobwino. Satero ndi mtima woipa, koma zotsatira zake ndi zomwezo. Ndiyeno katoni yeniyeniyo, yolembedwa ndi maka zilembo zikuluzikulu, imakhala pa kauntala kapena pa depoti pamene anthu ambiri akudutsa.

Wogulitsa mumupatse chiyani, mumumane chiyani

Kuti katundu afike pa ofesi ya koriya inu n'kukamutenga, pakufunika zinthu zitatu zokha: dzina lomwe lili pa chiphaso chomwe mukaonetse polandira, nambala imodzi yoimbapo, ndi tauni kapena ofesi yomwe mukatengere. Wogulitsa sakufunika chithunzi cha chiphaso chanu cha unzika, tsiku lanu lobadwa, dzina la kuntchito kwanu, kapena njira yolowera kwanu. Akapempha chithunzi cha chiphaso kuti “titsimikize oda”, kanani. Ndi chithunzi chimenecho munthu akhoza kuyesa kudzitcha inu kwina, ndipo kugula nsapato sikufuna zimenezo. Lamulo loteteza mbiri za anthu la mu 2024, lomwe MACRA ndiyo imaliyang'anira, likuyenda pa mfundo yomweyi: wotenga zokhudza munthu atenge zokhazo zofunika pa ntchitoyo ndipo asazigwiritse ntchito ina. Muli ndi ufulu wonse womuuza wogulitsa mwaulemu kuti, “Chonde lisiti langa musaliike pa sitetasi, kapena mubise dzina ndi nambala.” Wogulitsa wanzeru sakwiya nazo.

Zonsezi muzimutumizira kumbali, inu ndi iye, osati pagulu.

Umboni wa malipiro nawo umaulula zambiri. Meseji yomwe imabwera mukatumiza ndalama imakhala ndi nambala ya malipirowo komanso ndalama zomwe zatsala. Mukaijambula yonse n'kuitumiza, mwauza munthu kuti m'foni mwanu mwatsala zingati. Dulani chithunzicho kapena detsani mzere wa balansi, kapena ingolembani nambala ya malipiro, ndalama ndi nthawi. Wogulitsa weniweni amaona yekha m'foni mwake kuti zalowa.

Amene mumagula pafupipafupi, ndi bwino kukhala ndi laini yachiwiri ya zamalonda. Mafoni ambiri amalowa simu ziwiri. Laini imeneyi ndiyo muzipereka kwa ogulitsa ndi a koriya, muziikamo ndalama zongokwanira chomwe mukugula, ndipo isakhale yomwe inalumikizidwa ku banki kapena yomwe mumasungira ndalama za fizi. Phindu lake lina ndi lakuti meseji yonena za katundu ikabwera pa laini yomwe simunapatse wogulitsa aliyense, mwadziwiratu kuti ndi yabodza. Koma ilembetseni nokha ndi chiphaso chanu. Simu yogula pamsewu yolembetsa kale m'dzina la wina idzakuvutani tsiku lomwe yatayika muli ndalama, chifukwa ku ofesi adzafuna mwini dzinalo. Muziigwiritsanso ntchito mwa apo ndi apo, poti laini yongokhala miyezi yambiri imatsekedwa n'kupatsidwa kwa wina.

Pa WhatsApp pitani ku `Settings`, kenako `Privacy`, ndipo chithunzi chanu, mawu a `About` ndi `Last seen` muziike pa `My contacts`. Wogulitsa amene mwamusunga kwa kanthawi, mufufuteni katundu akafika, chifukwa onse amene munasunga manambala awo, naonso atasunga yanu, amaona sitetasi yanu, kuphatikizapo zithunzi za pakhomo ndi za ulendo wa kumudzi.

Za pakhomo

Apa ndi pamene ndimada nkhawa kwambiri, chifukwa ndalama zobedwa pa foni munthu amapeza zina, koma wakudziwa pakhomo pako sungamuiwalitse. Kuno kwathu adiresi nthawi zambiri si nambala ya nyumba, ndi malongosoledwe: “mukafika pa chigayo mukhotere kumanja, geti yobiriwira, pali mtengo wa mango, mukagogoda atsegula ndi mtsikana chifukwa ine ndimaweruka 5 koloko.” Taonani zomwe zatuluka m'chiganizo chimodzichi. Mwapereka njira, mwanena kuti masana pakhomo pamakhala mwana yekha, ndipo wolandira mesejiyo akudziwanso kuti m'nyumbamo mukulowa katundu watsopano. Mesejiyo imachoka kwa wogulitsa kupita kwa wa njinga yamoto, amene mwina wangomupeza pa siteji tsiku lomwelo, ndipo imakhalabe m'foni mwake mpaka kalekale.

Katundu wonyamulika m'manja kalandirireni pamalo a anthu ambiri: pa ofesi ya koriya, pomwetsera mafuta, pa geti ya kuntchito, pa sitolo yodziwika ya m'dera lanu. Kuyenda mamita mazana awiri si kanthu. Ngati wa njingayo akufuna mapu pa WhatsApp, musadine `Share live location`, chifukwa imeneyo imamuonetsa paliponse pomwe mukuyenda kwa mphindi 15, ola limodzi kapena maola 8, malinga ndi zomwe mwasankha. `Send your current location` nayo, mukaidina muli m'chipinda, yatumiza nyumba yanu. Pansi pake pamakhala mndandanda wa malo oyandikana nanu. Sankhani sukulu, tchalitchi kapena sitolo, n'kukadikira pamenepo.

Firiji, bedi ndi matumba a simenti sizingalandiridwe pomwetsera mafuta, n'zoona. Pamenepo kumanani nawo pa malo odziwika n'kuwalondolera nokha, nthawi ya masana, pali munthu wina wamkulu pakhomo. Funsani wogulitsa dzina la wobweretsayo ndi nambala ya galimoto asananyamuke. Akatsitsa katundu pakhonde basi, palibe chifukwa choti aone zipinda zonse. Katoni ikatha ntchito, dulani kapena detsani pomwe pali dzina ndi nambala musanaitaye kapena kupatsa ana oseweretsa, ndipo ya chinthu chodula musaisiye pa geti kuti aliyense aone chomwe chalowa.

Mmene zimayendera: chitsanzo chimodzi

Tiyerekeze mayi wa ku Zomba amene waitanitsa mapoto kwa wogulitsa wa ku Lilongwe. Mapotowo ndi K60,000, kutumiza ndi K6,000. Asanalipire, walemba meseji imodzi: “Zonse pamodzi ndi K66,000, palibenso china cholipira polandira, si choncho? Ndilipire pa nambala iti, ndipo dzina lituluka ndani? Mutumiza pa koriya iti? Mukatumiza munditumizire chithunzi cha lisiti.” Wogulitsa wayankha zonse molemba. Potumiza ndalama, dzina lotuluka lafanana ndi lomwe anauzidwa. Madzulo lisiti lafika, lili ndi nambala ya katundu ndi nambala ya foni ya ofesi.

M'mawa mwake foni yalira. “Mayi, ndife a koriya. Katoni yanu yalemera kuposa mmene analembera, pakufunika K7,500 yowonjezera. Galimoto ikunyamuka pa mphindi 20, mukachedwa katundu abwerera ku Lilongwe. Tumizani pa nambala ndikutumizireniyi.”

Mayiyu ali ndi poyambira, chifukwa ali ndi zomwe anagwirizana dzulo. Ndalama iyi m'mgwirizano munalibe. Nambala yolipirapo ndi yatsopano, ya munthu wamba. Ndipo akumuthamangitsa. Zitatuzi zikakumana, ndalama yatsopano, nambala yatsopano ndi changu, ndi chizindikiro chokwanira kuti aime kaye. Funso limodzi limathandiza: “Nambala ya lisiti ndi chiyani?” Iye asaitchule, aitchule ndi woimbayo. Wabodza amazemba, amati makina avuta kapena amayamba kukalipa. Koma ngakhale ataitchula molondola, asatumizebe, poti amene anaona lisiti pa sitetasi naye akuidziwa. Chochita ndi kudula foni, n'kuimba yekha pa nambala yomwe yasindikizidwa pa lisiti, kenako kwa wogulitsa pa nambala yomwe wakhala akulankhulirana naye kuyambira pachiyambi. Kuimba pa nambala yomwe wachilendoyo wapereka kuti “funsani abwana anga” n'kungolankhula ndi mnzake wa wakubayo.

Nthawi zina ndalama yowonjezera imakhalapodi, makamaka ngati wogulitsa anatumiza kuti wolandira ndiye alipire. Yoteroyo imalipiridwa pa kauntala, katoni mukuiona, n'kulandira lisiti. Sizifuna kuti mutumize kwa munthu amene simunamuone.

Chenjerani ndi kachinyengo kena kofanana nako: meseji yochokera pa nambala yatsopano, ili ndi chithunzi chomwecho cha wogulitsa wanu, yakuti “laini ija yavuta, zotsalazo tumizani apa.” Chithunzi aliyense akhoza kukopera. Imbani pa nambala yakale mumve mawu ake.

Meseji ya linki

Amene amaitanitsa katundu kunja, kaya ku China, ku Joni kapena ku Ulaya, amakumana kwambiri ndi mtundu uwu. Meseji imati adiresi yanu ndi yosakwanira, kapena pali kamsonkho kochepa koti mulipire, ndipo pali linki yoti mudine. Tsambalo limaoneka lenileni, mitundu ndi chizindikiro cha kampani zili m'malo mwake. Ndalama yopemphedwa imakhala yaing'ono dala kuti musaganize kawiri. Chomwe akufuna ndi nambala ya khadi yanu ya ku banki, tsiku lomwe idzathe ntchito, manambala atatu a kuseri, ndi nambala yotsimikizira yomwe banki ikutumizireni. Akapeza zimenezi amachotsa zochuluka.

Linki imawerengedwa chonchi. Siyani `https://` yakumayambiriro, pezani kamzere kopendekeka koyamba, ndipo muwerenge mawu omwe ali kumanzere kwake kuyambira kumapeto. Mwini tsamba ndi amene ali pafupi ndi kamzereko.

```
https://www.dhl.com/track
https://dhl.com.parcel-fee.example/track
```

Yoyambayo mwini wake ndi `dhl.com`. Yachiwiriyo mwini wake ndi `parcel-fee.example`, ndipo dzina la kampani langoikidwa kutsogolo kuti likuphimbeni m'maso. Kaloko kooneka pambali pa adiresi sikatanthauza kuti tsambalo ndi loona. Kamangonena kuti zomwe mukulemba zikuyenda mobisika kupita kwa mwini tsambalo, ngakhale mwiniyo atakhala mbava. Njira yachidule koposa ndi kusadina konse. Tsegulani nokha pulogalamu yomwe munagulirapo kapena tsamba la kampani yotumizayo, lembani nambala ya katundu, muone ngati kulidi vuto. Msonkho wa katundu wolowa m'dziko ndi wa MRA, umakhala ndi mapepala ake, ndipo sulipiridwa pa nambala ya foni ya munthu.

Ngati akutumizirani fayilo yothera ndi `.apk` kuti “mulondolere katundu wanu”, musaitsegule. Imeneyo ndi pulogalamu yolowa m'foni, ndipo mukailola ikhoza kumawerenga mameseji anu, kuphatikizapo a ku banki.

“Tikubwezereni ndalama” ndi “ndatumiza molakwitsa”

Wina amaimba kuti katundu watha ndipo akufuna kukubwezerani ndalama, koma muwauze nambala yomwe yabwera pa foni, kapena mudine manambala omwe akukuwerengerani. Gwiritsitsani mfundo iyi: polandira ndalama simulemba pini. Pini imafunika ndalama zikamatuluka. Pa foni pakatulukira uthenga wopempha pini inu musanayambitse chilichonse, ukanizeni. Wogwira ntchito ku kampani ya foni kapena ku banki safunsa pini yanu.

Nambala ya manambala 6 yochokera ku WhatsApp nayo si ya katundu ayi. Ndi kiyi wa akaunti yanu. Mukaipereka, wakubayo amalowa m'dzina lanu n'kuyamba kupempha ndalama kwa abale anu. Tsekeranitu khomo limeneli pa `Settings`, `Account`, `Two-step verification`.

Winanso amatumiza meseji yooneka ngati mwalandira ndalama, kenako n'kuimba akulira kuti inali ya kuchipatala, mumubwezere. Onani komwe mesejiyo yachokera: ngati pamwamba pali nambala wamba yoyamba ndi 099, 098 kapena 088, ndi yolemba munthu. Ngakhale itaoneka ngati ya kampani, musaikhulupirire musanaone balansi nokha.

```
*211#   Airtel Money
*444#   Mpamba
```

Ngati ndalama zalowadi molakwika, muuzeni aimbire kampani yake kuti ibweze mwa dongosolo. Inu musatumize pa nambala ina yomwe akukupatsani.

Ngati mwatumiza kale

Changu chimene munakanizidwa poyamba chija, apa ndiye chikufunika. Akuba amakatapa ndalama kwa ejenti kapena kuzisamutsira pa laini ina m'mphindi zochepa, ndipo zikatuluka kubwera kwake n'kovuta. Imbirani kampani ya foni yanu nthawi yomweyo pa nambala yawo yothandizira makasitomala, kapena pitani ku shopu yawo, muli ndi nambala ya malipiro, nthawi, ndalama ndi nambala yomwe mwatumizako. Pemphani kuti aimitse ndalamazo. Ngati munaulula pini, isintheni musanachite china chilichonse. Ngati munalemba za khadi pa tsamba lija, imbirani banki pa nambala yomwe ili kuseri kwa khadiyo kuti aitseke. Musadikire kuti muone kaye ngati achotsa. Mameseji musafufute, ajambuleni, chifukwa ku polisi adzawafuna polemba lipoti, ndipo lipotilo ndi lomwe kampani ndi banki zimapempha kawirikawiri. Dandaulo lomwe kampani ya foni sinalisamale mukhoza kupita nalo ku MACRA.

Laini yanu ikangozima mwadzidzidzi, anzanu a kampani yomweyo ali ndi netiweki, musangoti ndi vuto la nsanja. N'kutheka kuti wina watulutsa simu yatsopano pa nambala yanu. Pitani ku shopu ndi chiphaso tsiku lomwelo, ndipo dziwitsani banki.

Muuzeninso wogulitsa zomwe zachitika, chifukwa ngati nkhani inatulukira kwa iye, makasitomala ena a tsiku limenelo akuimbiridwanso. Ndipo yembekezerani foni yachiwiri. Amene waberedwa kamodzi nambala yake imasungidwa, ndipo pakapita masiku angapo wina amaimba kuti ndi wapolisi kapena wa ku kampani ya foni, akuti wakuba uja wagwidwa, ndalama zapezeka, mungotumiza kaye ya fomu kapena ya mafuta a galimoto. Ndi anthu omwewo. Mufunseni dzina la polisi yomwe ali, dulani foni, ndipo ngati mukufuna kutsimikiza, pitani komweko nokha ndi nambala ya lipoti lanu.